Kupempha kalata ya umboni kwa aphunzitsi akale

"Ndinamaliza digiri ku Chancellor College mu 2018, ndipo ndikufunsira sikolashipu ya Chevening yokaphunzirira ku Britain. Pakufunika makalata awiri a umboni, koma chichokereni sindinalankhulepo ndi aphunzitsi anga. Ndiwayambe bwanji?"

Achemwali, musathamangire amene ali ndi udindo waukulu. Sankhani mphunzitsi amene anakuyang'anirani pa kafukufuku wa chaka chomaliza, chifukwa pulofesa amene anangokuonani m'kalasi ya anthu mazana awiri adzalemba kuti munali wakhama ndi waulemu, mawu amene oweruza mafomu amawerenga mpaka kutopa nawo. Kalata inayo ichokere kwa abwana anu akuntchito, popeza a Chevening amafufuza kwambiri za utsogoleri.

Aphunzitsiwo alembereni imelo kudakali mwezi ndi theka kuti tsiku lotsekera likwane, ndipo adiresi muitenge patsamba la yunivesite, chifukwa kuyambira 2021 sukulu yanu ikutchedwa University of Malawi ndipo adiresi imene munasunga mwina sakuitsegulanso. Uthenga wa pa WhatsApp ubwere pambuyo, iwo atakulolani.

Vuto lalikulu ndi lakuti aphunzitsiwo mwina anakuiwalani, ndipo ulemu sudzawalola kunena choncho. Ntchito yowakumbutsa ndi yanu. Tiyerekeze kuti munaphunzira za chuma. Mukawapatsa moni ndi udindo wawo woyenera, Dokotala kapena Pulofesa, tchulani dzina limene munkalembera mayeso (ngati munasintha pokwatiwa, nenani onse awiri), chaka chimene munamaliza, phunziro limene anakuphunzitsani, ndiponso kuti kafukufuku wanu anali wa mitengo ya chimanga m'misika ya ku Zomba. Kenako fotokozani m'ziganizo ziwiri ntchito imene mwagwira chichokereni ndi maphunziro amene mukufuna kukachita ku Britain. Phatikizani siivi yanu, chikalata cha magiredi, tsamba loyamba la kafukufukuyo ndi malangizo a eni sikolashipu okhudza kalatayo. Mphunzitsi amene ali ndi zimenezi patebulo angathe kulemba kuti munapita nokha kumisika kukafunsa mavenda, ndipo umenewo ndi umboni wogwirika.

Funso lanu likhale lakuti: kodi akuona kuti akukudziwani mokwanira kuti angalembe kalata yamphamvu? Mukafunsa chotero mumawapatsa mpata wokana mwaulemu, ndipo ine ndimaona kuti kukanidwa n'kwabwino kuposa kalata yozizira ya mizere isanu.

Tchulani tsiku lotsekera, koma muwapemphe kuti amalize sabata imodzi tsikulo lisanakwane. Kalatayo ikhale ya m'Chingerezi, papepala la chizindikiro cha yunivesite, yosainidwa, yokhala ndi deti komanso adiresi ndi nambala ya foni ya wolembayo. Akakuuzani kuti mulembe nokha iwo adzangosaina, apatseni mfundo zokha, chifukwa kalata imene kalembedwe kake kakufanana ndi nkhani zanu za pa fomu imakayikitsa.

Pakapita sabata osayankha, akumbutseni kamodzi, kapena imbirani mlembi wa dipatimenti, amene amadziwa ngati ali patchuthi kapena akuchonga mayeso. Akakhalabe chete pakatha sabata ina, lemberani mphunzitsi wina tsiku lomwelo.