Telala angazindikire bwanji msoko wake?

"Ndikulemba kankhani ka telala wachikulire amene wazindikira kasokedwe kake pa diresi la ukwati la mtsikana yemwe samudziwa, koma ndakanika penapake. Azindikira chani kwenikweni kuti anthu akhulupirire?"

Achemwali, choyamba musamuonetse msoko wa makina ayi. Makina amasoka mofanana, atelala awiri akhoza kusokera makina amodzi osadziwa kuti apa ndi pandani. Dzanja la munthu limaonekera pomwe anasoka ndi singano pamanja, ndipo pa diresi la ukwati malo otero alipo: mpendero wam'munsi, tizingwe taulusi tokolera mabatani kumsana, ndi pomwe lesi anaimata pansalu.

Ine ndikanamupanga mdalayu kukhala wamanzere. Wamanja akamapinda mpendero amayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, wamanzere amayenda mobwerera ndiye timisoko take timapendekera mbali inayo, telala aliyense amaona zimenezi nthawi yomweyo. Komatu amanzere ndi ambiri, pokhapo sipakwana, mupatseni kachizolowezi kachiwiri, tinene kuti iye samanga mfundo akamaliza ulusi, amabwereza katatu pamalo amodzi kenako nkubisa nsonga mkati mwa mpendero. Ziwirizi zikakumana owerenga avomera.

Ndiye pali nkhani ya komwe akulionera diresilo. Ali pampando mkwatibwi akudutsa sangaone kanthu, ndi maso aukalambawo ndiye kaya. Mtsikanayo abwere nalo kuti amubwezere kapena amukulitsire, chifukwa telala akalandira chovala amayamba nkuchitembenuza. Ndipo zala zizindikire maso asanaone, apa ndi pomwe pamandikhudza ine, akusisita mpendero uku akucheza za tsiku la ukwati, chala nkuima pa kamfundo komwe kulibe.

Kenako diresilo limuuze zaka zake. Pa sateni mabowo a singano satsekeka, ndiye ngati wina analikulitsapo, mzere wa timabowo takale ukhalapobe pambali pa msoko watsopano. Iye anasiya nsalu yotsalira mkati, masentimita ngati 3 mbali iliyonse, poganiza kuti mwini wake adzanenepa, lero akupeza yatsala pang'ono, kutanthauza kuti diresili lavalidwa ndi matupi angapo. Ulusi wake wakhala wachikasu pang'ono pomwe wa telala winayo ndi woyera mbee. Sizofunika kuti mtsikanayo afotokoze mbiri yonse, angonena kuti "anandipatsa ndi azakhali" basi.

Chomwe ndikupemphani, musamulembetse dzina mkati mwa diresi, zikatero aliyense akhoza kuwerenga, utelala wake sunagwire ntchito. Komanso asafulumire kulankhula. Mtsikana afunse kuti "Agogo, zitheka?" iwo ali duu, sizasi ili m'manja, chifukwa kuti alikulitse akuyenera kuphwasula msoko womaliza womwe watsala wa dzanja lawo.