Benchi ya pa Khirisimasi imakongola ndi katundu wake

"Anti, ndili ndi kaokala pamsewu wopita ku Senga Bay, ndimagulitsa zovala za ana, zitenje ndi masilipasi. Inu amene mumapita ku Tanzania, zokongoletsera za Khirisimasi mumazigula bwanji, ndipo mumaziika motani kuti anthu aziima? Chaka chatha ndinamangirira mabaluni koma palibe chinasintha."

Mwana wanga, mabaluniwo sanalakwe, kungoti munawapatsa ntchito imene si yawo. Baluni imauza munthu kuti pano pali chisangalalo, koma simuuza kuti pano pali diresi la mwana wake wa zaka zisanu. Amene mukufuna kuti aime ndi mayi amene ali pa kabaza, kapena bambo wa ku Lilongwe amene akuthamangira kunyanja ndi ana m'galimoto. Onsewa amaponya diso kamodzi kokha, ndipo m'kuphethira kumeneko ayenera kuona chinthu chimene angagule.

Musanagule chilichonse, mawa m'mawa mukayala katundu muwoloke msewu, muyende mapazi makumi atatu kulowera mbali imene anthu ambiri amachokera, kenaka mutembenuke. Chimene mukuchiona muli pamenepo ndicho okala yanu. Zina zonse zimene zili pathebulo, zopindidwa bwino m'mapepala, kwa munthu wapamsewu kulibe. Ine nditayesa izi koyamba pa benchi yanga ku Kamuzu Road ndinachita manyazi: chimene chinkaoneka chinali lona yakuda yotchingira dzuwa ndi mutu wanga.

Choncho ntchito yoyamba ndi kukweza katundu. Benchi yanga ndi ya mamita awiri m'lifupi. Ndinazika nsungwi ziwiri zazitali m'mbali, zopitirira denga pang'ono, n'kupingasa ina pamwamba. Pansungwi yapamwambayo pamakhala zinthu zisanu basi: madiresi atatu a ana otuwa ndi kuwala aja, ndi suti ziwiri za anyamata, aliyense pa hang'ala yake, motalikirana kuti mphepo izidutsa n'kumawagwedeza. Kugwedezekako n'kumene kumakoka diso. Mukapanikiza zovala makumi awiri pamodzi, patali zimangooneka ngati mulu wa kaunjika. M'munsi mwake, pofika maso a munthu woimirira, ndipamene pamakhala zitenje zotambasula ndi chidole chovekedwa. Pathebulo, pofika dzanja, pamakhala masilipasi ndi zina zoti munthu agwire, ayese. Tinthu ting'onoting'ono ngati ndolo, zomangira tsitsi ndi mawotchi a ana timakhala pafupi ndi ine, kumbali imene ndimakhalira.

Za mitundu, yang'anani anzanu oyandikana nawo. Mu Disembala aliyense amathamangira chofiira ndi chobiriwira, mzere wonse umafanana. Ngati kumanzere ndi kumanja kwanu kwafiira, inu tambasulani chitenje chachikasu chowala kumbuyo kwa katundu, chikhale ngati khoma, ndipo zovala zapamwamba zikhale za mtundu wosiyana nacho kuti zituluke. Chimathandizanso potumizana: munthu amauza mnzake kuti "pitani pa okala yachikasu ija", ndipo safunikanso kufunsa dzina lanu.

Koma zitenje zotambasulazi muzisamale nazo. Dzuwa la Salima silichita nthabwala. Chitenje chikakhala panja masiku anayi asanu, mbali yoyang'ana kudzuwa imasuluka, ndipo mukachipinda mzere umaoneka poyera; kasitomala akachitambasula amakuuzani yekha kuti n'chakale. Ine ndimasintha zotambasula tsiku lililonse, chimene chinali panja lero mawa chimalowa mkati. Chachikasu chakumbuyo chija chokha ndimachiwerengera ngati chotayika, ndipo nyengo ikatha chimakhala changa chovala kumunda.

Zonyezimira zija, timaliboni ndi tinyenyezi, zimabwera pomaliza, ndipo malo ake ndi m'mphepete: kuzungulira nsungwi, kutsata denga. Zisalendewere kutsogolo kwa katundu. Chifukwa china n'chakuti zimabisa chimene mukugulitsa, koma chachikulu ndi akuba. Pa 23 ndi 24 anthu amaunjikana pa benchi asanu ndi awiri nthawi imodzi, wina akufunsa mtengo, wina akuyesa mwana nsapato. Ngati pali chinthu chimene chikukutchingani kuona manja a anthu onsewo muli pampando wanu, chichotseni ngakhale chikongole bwanji.

Ndipo zikhale za pulasitiki, osati za pepala. Izi ndinaphunzira ndi misozi. Chaka china ndinagula mapepala ofiira opotapota aja, otsika mtengo, ndinawakulunga pansungwi yapamwamba, pansi pake pali madiresi oyera anayi amene ndinkayembekeza kuti andibwezera ndalama ya basi. Masana kunali ng'anjo, kenaka cha m'ma 3 koloko kunangoda kunyanja, mvula n'kutsika ndisanamalize n'komwe kumasula lona. Sinagwe nthawi yaitali. Nditatsitsa madiresi, lililonse linali ndi mizere yofiira kuyambira paphewa mpaka m'chiuno, ngati lakhetsedwera magazi a nkhuku. Ndinachapa, ndinaviika, utoto sunachoke wonse. Awiri ndinagulitsa pamtengo wosafika umene ndinaodera, awiri anavala ana a mchemwali wanga. Kuyambira pamenepo chilichonse chokongoletsera ndimachiyesa ndisanagule: ndimanyowetsa chala ndi malovu, ndikutikita. Chala chikasintha mtundu, ndimachisiya. Ndipo lona yanga imakhala yomangirira kale kudenga, yokulunga, yoti ndikakoka chingwe chimodzi igwe yokha.

Mabaluni anu aja, ngati mukuwafunabe, musawapope mpaka kulimba. Mpweya ukatentha umafufuma, n'chifukwa chake ofika m'mawa ali bwinobwino pofika masana aphulika theka. Apopeni mosadzaza, muwamange pamthunzi, asanu okha. Phindu lawo lenileni lili kwina: mwana amene amayi ake agula diresi mumpatse imodzi yaulere. Akamayenda nayo mumsika ana ena amafunsa kumene waitenga.

Tsopano magetsi, chifukwa apa ndipamene anthu amataya ndalama. Timagetsi tophethira tija tilipo ta mitundu iwiri. Tina n'tolumikiza kukhoma. Tambiri totchipa tinapangidwira m'nyumba, waya wake ndi wowonda ngati ulusi, ndipo pulagi yake nthawi zambiri ndi ya mano awiri pamene masoketi athu ndi a mano atatu. Pa okala ya malata, mvula ikugwa, waya wotere akasupuka mukhoza kugwidwa nawo inu kapena mwana wa kasitomala. Ine ndimatenga toyendera pawabanki, yomweyi yotchajira foni. Mphamvu yake ndi yochepa, sitingakugwireni, magetsi akazima inu mukuwalabe, ndipo pawabanki yodzaza bwino imatiyendetsa madzulo angapo. Chingwe chimodzi cha mamita khumi chimakwana benchi ngati yanga. Pogula musalole kupatsidwa paketi yotseka. Aliyense ayatse pamaso panu, muone ngati mababu onse akuyaka, mugwedezenso polumikizira kuti muone ngati sakuzima.

Timagetsi timeneti n'toitanira chabe, munthu sangaone nato mtundu wa nsalu. Pamafunika babu limodzi loyera lowunikira katundu. Koma ife a kunyanja tili ndi vuto limene a ku Lilongwe salidziwa bwino. Mvula ikagwa masana, madzulo ngumbi zimatuluka, ndipo masiku ena nkhungu zimabwera kuchokera kunyanja ngati utsi. Anzanga a ku Nkhotakota amazidziwa kuposa ine. Zonsezi zimathamangira kuwala. Babu likakhala pamwamba penipeni pa zovala, m'mawa mupeza mapiko ndi timadontho takuda ponseponse. Liikeni pamtengo wake patsogolo, chapambali, ngati phazi limodzi kapena awiri kuchokera pathebulo, liziwunikira katundu chopendekera. Tizilombo tizigwera pansi, osati pa diresi.

Za kagulidwe. Ife ambiri zinthuzi timazitenga ku Kariakoo mu Dar es Salaam, pamodzi ndi katundu wina yense. Ena amathera ku Mbeya kapena ku Kyela kungodutsa chipata cha Songwe, mitengo imakwera pang'ono koma ulendo umafupika. Kuchoka kuno kudzera Nkhotakota, Mzuzu ndi Karonga, kukafika ku Dar, kuoda n'kubwerera, ndimawerengera sabata yathunthu, ndipo katundu akatsalira m'mbuyo pa thiraki masiku amawonjezereka. N'chifukwa chake ulendo wanga wa Khirisimasi ndi wa mu Novembala, ndipo pofika pa 10 Disembala chilichonse chiyenera kukhala chili pa benchi. Zonyezimira n'zopepuka, zimalowa m'mipata ya chikwama, koma pachipata ndi katundu ngati wina aliyense: zilembeni pamndandanda wanu wa msonkho ndipo risiti musunge. Kunena kuti "izi n'zokongoletsera benchi yanga" pamene muli ndi madazeni atatu sikukuthandizani.

Madazeni atatuwo ndimatengadi dala. Ndikakongoletsa benchi, a masaluni, a malo odyera ndi amayi a kutchalitchi amabwera kudzafunsa kumene ndagula, ndipo ndimawagulitsa pomwepo. Zimene zili pansungwi zanga zimalipiridwa ndi zimene ndagulitsazo. Koma malire alipo, chifukwa katundu ameneyu amafa pa 25. Diresi lotsala ligulidwa pa Chaka Chatsopano kapena pa Pasaka, nyenyezi yotsala idikira miyezi khumi ndi iwiri ndalama yanu itagona m'katoni, Januwale wa fizi ndi feteleza akukuyang'anani. Lamulo langa n'lakuti pa K100 iliyonse ya mpamba wa ulendowo, zokongoletsera zisapitirire K5, ndipo pofika pa 22 ndimayamba kutsitsa mtengo kuti zithe. Inu amene simunayambe kuwoloka, musakwere basi chifukwa cha timagetsi. Tumani munthu amene akupita kale, kapena kapikuleni ku Lilongwe. Ndalama ya ulendo ingadye phindu lonse.

Posankha, kumbukiraninso kuti kuno makasitomala athu ambiri ndi Asilamu, ndipo nawonso amagulira ana zovala nyengo imeneyi. Ine ndimasankha nyenyezi, timagetsi ndi maliboni opanda mawu olembedwa. Zimakomera aliyense, ndipo Idi ikayandikira ndimazitulutsanso zomwezo.

Chinthu chimodzi chimene sichinyezimira koma chimaimitsa anthu ndi mtengo wolembedwa. Ambiri amadutsa chifukwa choopa kufunsa n'kuchita manyazi, makamaka okala ikakongola kwambiri, amaganiza kuti ndi ya mabwana. Tengani katoni, mulembe ndi inki yakuda manambala aakulu ngati chikhatho, mtengo wa chinthu chimodzi chotsika kwambiri, monga masilipasi a ana, muipachike pansungwi yakumsewu. Muikulunge m'pepala la pulasitiki loonekera kuti mvula isaifafanize. Ndipo popeza muli pamsewu wa ku Senga Bay, zonsezi zisayang'ane msewu molunjika. Zipendeketseni ziyang'ane kumene magalimoto akuchokera, kumbali ya tauni, chifukwa opita kunyanja amakhala ndalama zikadali m'thumba. Pobwerera amadutsa atatopa, ana akugona kumbuyo.