Kugawa madigiri pa tchati chozungulira musanapite kukaoda katundu

"Ndikufuna kuyamba kukaoda katundu ku Dar es Salaam. Ndinafunsa makasitomala 40 chinthu chimodzi chimene amachifuna kwambiri, ndipo 45 peresenti anati zitenje, 30 nsapato, 15 zikwama, 10 mafuta odzola. Kodi ndingazijambule bwanji pa tchati chozungulira kuti zinditsogolere pooda?"

Achemwali, tchati chonse chili ndi madigiri 360 ndipo chikuimira 100 peresenti, choncho peresenti imodzi ndi madigiri 3.6. Mukachulukitsa peresenti iliyonse ndi 3.6, zitenje zitenga madigiri 162, nsapato 108, zikwama 54, mafuta odzola 36. Musanagwire pensulo, phatikizani manambala anayiwa, chifukwa akapanda kukwana 360 ndiye kuti penapake palakwika.

Pojambula, lembani mzere kuchokera pakati kukafika m'mphepete, ikani pulotulakita, chida choyezera madigiri, pamzerewo n'kuyeza 162, kenako muisunthire pamzere watsopanowo n'kuyeza 108, osabwereranso pamzere woyamba uja. Zitenje ndi nsapato pamodzi ndi madigiri 270, kutanthauza kuti malo otsalira zikwama ndi mafuta ayenera kukhala ngodya ya madigiri 90, ndipo ngodya imeneyi diso lokha limaizindikira.

Powerenga tchati mumabwerera mmbuyo: yezani ngodya ya gawolo n'kugawa ndi 3.6. Gawo la madigiri 54 likupatsani 15 peresenti, ndipo popeza 360 kugawa ndi 40 ndi 9, kasitomala aliyense ali ndi madigiri 9, kotero gawolo ndi la anthu 6. Apa mpamene ine ndimachenjera, pakuti anthu awiri okha akasintha maganizo, gawolo lisuntha ndi madigiri 18, ndipo pa pepala zimaoneka ngati msika wasintha kwambiri pamene ndi anthu awiri basi. Munachita bwino kufunsa chinthu chimodzi kwa aliyense. Akadasankha ziwiriziwiri, maperesenti akadapitirira 100 ndipo sakadakwana m'tchati chotere.

Chimene ndikukuchenjezani kwambiri n'chakuti tchatichi chikuwerenga anthu, osati ndalama. Musafike ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam n'kuika 45 peresenti ya mpamba wanu pa zitenje chifukwa choti gawo lake ndi lalikulu. Wofuna zitenje angathe kugula zitatu nthawi imodzi, pamene wofuna nsapato agula peyala imodzi, komabe inu muyenera kuoda masaizi angapo kuti imodzi imukwane, ndipo zotsalazo zimagoneka ndalama. Onjezanipo mtengo wonyamulira pa basi ndi msonkho wa pa chipata cha Songwe, zomwe zimasiyana malinga ndi katundu. Jambulani tchati chachiwiri cha ndalama zimene mukufuna kuika pa katundu aliyense, gawo lililonse likhale ndalama zakezo kugawa ndi mpamba wonse kuchulukitsa ndi 360, ndipo muyerekeze matchati awiriwo musanagule tikiti.