Chiuno choikirira: titaniyamu, seramiki kapena pulasitiki?

"Mayi anga akukawaika chiuno chochita kupanga. Adokotala atchula titaniyamu, seramiki ndi pulasitiki. Chabwino n'chiti?"

Achemwali, nthawi zambiri zitatuzi zimalowa m'chiuno chimodzi chomwecho, chilichonse pamalo pake. Pali chikhomo cholowa m'fupa la ntchafu, kampira pamwamba pake, ndi kambale momwe kampirako kamazungulira.

Chikhomo chimakonda kukhala cha titaniyamu chifukwa thupi silikangana naye. Pamwamba pake pamapangika kachikutiro kopyapyala koletsa dzimbiri, ndipo fupa limamera n'kumugwira ndithu. Dokotala Brånemark wa ku Sweden adaziona m'mafupa a akalulu m'zaka za m'ma 1950. Vuto la titaniyamu ndi kuuma. Pa muyeso wa kuuma wotchedwa GPa, fupa lili cha pa 20, titaniyamu cha pa 110, chitsulo cha kobati ndi kuromiyamu chimaposa 200. Mayi akaponda, chouma kwambiri ndicho chimasenza thupi, fupa la m'mbali n'kumangokhala. Tsono fupa losagwira ntchito thupi limalichepetsa. Pakapita zaka, ekisire imaonetsa fupa litapyapyala kumtunda kwa chikhomo. Titaniyamu ali bwinoko kuposa zitsulo zinzake pamenepa, koma vutolo salithetsa.

Pokhulana ndiye titaniyamu sayenera, amakandika msanga. Pamenepo mpamene pali nkhani yaikulu. Dokotala Charnley wa ku England adayamba ndi kambale ka pulasitiki wotchedwa Teflon, kadaperepeseka m'zaka zochepa, ndipo mu 1962 adasinthira ku pulasitiki wina wotchedwa polietilini. Polietilini nayenso amatha pang'onopang'ono, n'kumatulutsa tizidutswa tosaoneka ndi maso. Asilikali a m'thupi amatimeza koma sangatigaye, ndiye amautsa kutupa kumene kumadya fupa mozungulira mpaka chikhomo kapena kambale kuyamba kugwedera. Choipa chake, zimayamba popanda ululu. Madokotala amayeza pa ekisire momwe kampira kasunthira m'kambale: kakamalowa kuposa 0.1 mm pa chaka, ngozi ya kudyeka kwa fupa imakula. Polietilini wamakono, wolimbitsidwa ndi cheza, wachepetsa kwambiri kuperepesekaku kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990.

Seramiki ndi wosalala, sakandika wamba, ndipo tizidutswa take tochepato thupi silitekeseka nato kwenikweni. Koma ndi wouma koposa, wa mtundu wa alumina amafika cha pa 400 GPa, motero sapindika, amasweka. Sizichitikachitika masiku ano, koma zikachitika opaleshoni yochotsa zibenthuzo ndi yovuta. Kampira ndi kambale zikakhala zonse za seramiki, ena amamva kulira kwii akamawerama.

Ine kwa munthu wamkulu ndingakhutire ndi chikhomo cha titaniyamu, kampira ka seramiki kapena ka kobati, ndi kambale ka polietilini wamakono. Koma mafupa a mayi ngati ndi ofooka, adokotala angasankhe chikhomo chachitsulo chomata ndi simenti ya mafupa, ndipo si kulakwitsa. Mukawafunse kuti polietiliniyo ndi wa mtundu uti, komanso ekisire yotsatira idzajambulidwa liti.