Imelo youza ophunzira kukonza mafunso mnzawo asanaime kutsogolo

"Ndangoyamba kumene kuphunzitsa pa koleji ina ya zaulimi. Ophunzira anga a chaka chachitatu alipo 40, ndipo aliyense amaima kutsogolo kufotokoza kafukufuku wake. Akamaliza, ine ndikati 'mafunso', kalasi yonse imangoti zii. Wina akalimba mtima amangoti 'tabwerezani silaidi yomaliza ija'. Ndikufuna ndiwalembere imelo yowauza mmene angakonzere mafunso tsikulo lisanafike. Ndilembemo chiyani?"
Mphunzitsi watsopano

Aphunzitsi anzanga, musanalembe imeloyo yambani mwakonza chimene ophunzirawo akawerenge. Munthu sangakonze funso pa nkhani imene sanaione. Mukangolemba kuti "bwerani ndi mafunso abwino", adzabweradi ndi mafunso, koma aja olowa paliponse: "Munakumana ndi mavuto anji?" kapena "Boma lichitepo chiyani?" Amenewa munthu amawalemba ali m'minibasi, osadziwa ngakhale mutu wa nkhani.

Choncho wofotokoza aliyense atumize chidule cha tsamba limodzi kutatsala masiku atatu. M'menemo mukhale funso la kafukufuku wake, njira imene anatsata, tebulo limodzi la zimene anapeza, ndi mfundo imene wamanga. Ine ndimakana kuti atumize masilaidi. Ambiri amawamaliza usiku woti mawa afotokoza, komanso amadya bandulo ya anzawo. Tsamba limodzi limatseguka pa foni iliyonse, kaya mwaliika pa Moodle kaya pagulu la WhatsApp la kalasi.

Kenako gawani ntchito ndi maina. Mukauza anthu 39 kuti onse akonzere munthu mmodzi mafunso, aliyense adzaganiza kuti afunsa ndi mnzake. Wofotokoza aliyense mupatseni omufunsa atatu odziwika. Musalole kuti adzisankhire okha, chifukwa pali pangano lija limene ophunzira amapangana ku hositelo: "Usandipanikize, nanenso sindidzakupanikiza." Njira yosavuta ndi kaundula wa kalasi. Ngati akufotokoza asanu patsiku motsata kaundulayo, wa nambala 1 afunsidwe ndi a nambala 6, 11 ndi 16, wa nambala 2 ndi a 7, 12 ndi 17, mpaka kumapeto, ndipo mukadutsa 40 mumayambiranso pa 1. Mukatero palibe amene afunse pa tsiku limene iyenso akufotokoza, palibe awiri amene afunsane mobwezerana, ndipo aliyense afunsa katatu semesita yonse.

Tsopano chimene chimavuta kwenikweni: kuwaonetsa kuti funso lokonzeka limaoneka bwanji. Apa malangizo ataliatali sathandiza. Chimathandiza ndi chitsanzo cha m'phunziro lawo lomwelo. Poti inu muli ku zaulimi, tiyerekeze kuti chidule cha wophunzira wina chikuti: anasunga chimanga cha makilogalamu 50 m'thumba la PICS, ndi china chofanana nacho m'thumba wamba lothira mankhwala a fumbi. Patapita miyezi inayi anatapa njere 100 pamwamba pa thumba lililonse, napeza njere 4 zobooka m'thumba la PICS ndi 19 m'thumba wamba. Mfundo yake: alimi onse asiye mankhwala, agule matumba a PICS.

Wosakonzeka adzafunsa kuti, "Kodi PICS n'chiyani?" Yankho lake lili pa intaneti, ndipo wofotokozayo alinena mphindi yoyamba: ndi thumba la matumba atatu, awiri a pulasitiki m'kati ndi limodzi lolukidwa kunja, limene limatseka mpweya kotero kuti anankafumbwe amafa kapena kuleka kuswana. Funsoli lataya mphindi ya kalasi.

Wokonzeka amayamba ndi kuloza malo. "Mu ndime yachiwiri mwati munatapa njere pamwamba pa thumba. N'chifukwa chiyani simunatape pakati ndi pansi, ndipo mukuganiza kuti manambala akanasintha?" Onani zimene zachitika apa. Wofunsa waonetsa kuti anawerenga. Wofotokoza sangayankhe ndi "inde" kapena "ayi". Ndipo kalasi yonse yaphunzirapo za katapidwe ka njere zoyesa, ngakhale amene akufufuza za nkhuku.

Wina angafunse za chimene chiduleyo sichinatchule. Chimanga chosunga chimayenera kuuma mpaka chinyezi chitatsika kufika pafupifupi 13 peresenti, ndipo chosauma bwino chikatsekeredwa m'thumba losalowa mpweya chimaonongeka. Ndiye funso n'lakuti, "Simunanene za chinyezi. Munachiyeza musanatseke matumba, ndipo chinali chofanana m'matumba onse awiri?" Wachitatu akhoza kupita pa mfundo yomaliza ija: "Mwayesa thumba limodzi mbali iliyonse, m'nyumba imodzi. Chikukulimbitsani mtima n'chiyani kuti munene za alimi onse? Nanga m'nyumba muli makoswe oboola pulasitiki zingathe bwanji?" Funso limeneli ndi lolemera kuposa onse, ndipo ndi limene ophunzira athu amaliopa kufunsa, poganiza kuti akumuyalutsa mnzawo pamaso pa aphunzitsi. N'chifukwa chake imelo yanu iyenera kunena poyera kuti funso lovuta silichotsa malikisi a wofotokoza. Mukapanda kulemba chiganizo chimenecho, zina zonsezi zigwera m'madzi.

Nayi imelo imene ndikanalemba ndikanakhala inu. Mwina muilemba m'Chingelezi monga mwa mwambo wa pakoleji, koma mfundo zake n'zomwezi:

"Mutu: Mafunso a Lachinayi, atumizidwe pofika Lachitatu 5 koloko madzulo

Ophunzira nonse,

Lachinayi anzathu asanu afotokoza kafukufuku wawo. Aliyense ali ndi mphindi 10 zofotokoza ndi 6 zoyankha mafunso. Zidule zawo ndaziika pagulu lathu lero Lolemba, pamodzi ndi maina a anthu atatu amene afunse aliyense wa iwo.

Ngati dzina lanu lilipo, werengani chidule cha amene mwapatsidwayo kawiri. Ulendo woyamba ingomvetsani zimene akunena. Ulendo wachiwiri ikani chizindikiro pamene simunamvetse, pamene mukanachita mosiyana, ndi pamene mfundo yake yapitirira zimene anapeza. Pa zizindikirozo lembani mafunso awiri. Funso lililonse liyambe ndi kutchula ndime kapena tebulo limene lachokera, likhale la chinthu chimodzi, ndipo lisapitirire ziganizo ziwiri. Limodzi mwa awiriwo likhale la njira imene anatsata kapena la mfundo yake yomaliza.

Chitsanzo: 'Mu tebulo lanu muli thumba limodzi mbali iliyonse. Mukanakhala ndi matumba asanu mbali iliyonse, mukuganiza kuti chikanasintha n'chiyani?'

Musanatumize, dzifunseni ngati funso lanulo lingafunsidwenso kwa wofotokoza wina aliyense. Ngati lingatero, silinakonzeke.

Nditumizireni mafunsowo ine, osati pagulu. Ntchitoyi ili ndi malikisi 5 pa zonse za semesita. Funso lovuta silichotsa malikisi a mnzanu. Iye ndidzamuyesa pa mmene waganizira poyankha, ndipo kunena kuti 'sindinayeze, koma ndikanayeza motere' ndi yankho lovomerezeka.

Amene maina anu palibe sabata ino, werengani ndithu. Nthawi ikatsala mudzafunsa."

Mwaona kuti ndi yaifupi. Tsiku ndi ola zili pa mutu penipeni, chifukwa ambiri amangoona mutuwo pa foni osatsegula. Muuzenso mtsogoleri wa kalasi aikopere pa WhatsApp, poti si onse amene amatsegula imelo ya pakoleji tsiku ndi tsiku.

Pali zifukwa zake zoti mafunso akhale awiri. Kawirikawiri wofotokoza amayankhiratu funso limodzi ali m'kati mofotokoza, kapena wofunsa woyamba amalitenga. Amene anakonza limodzi lokha amatsala manja lende, n'kuliwerenga choncho ngakhale layankhidwa kale, kalasi n'kuseka. Auzeni kuti akaona loyamba latha ntchito apite pa lachiwiri, ndipo ngati pa kufotokozako pabadwa funso labwino kuposa onse awiri, ali ndi ufulu wofunsa limenelo.

Mudzafunsidwa ngati wofotokoza ayenera kuona mafunsowo pasadakhale. Aphunzitsi amasiyana maganizo pamenepa. Ena amati awaone onse kuti asachite mantha, ena amati asaone n'limodzi lomwe chifukwa pa tsiku loteteza kafukufuku wa chaka chomaliza palibe adzamuuziretu. Ine ndimaima pakati. Lachitatu usiku ndimasankha funso limodzi, lolemera kwambiri pa asanu ndi limodzi aja, n'kumutumizira wopanda dzina la wofunsa. Funso la thumba limodzi lija, mwachitsanzo, limafuna kuti munthu agone nalo. Mukamudzidzimutsa nalo adzangodziteteza. Ena aja akumane nawo m'kalasi.

Za malikisi musadzivutitse ndi tebulo lalikulu. Mafunso a anthu 15 pa sabata mumawawerenga pa theka la ola. Ine ndimangoyang'ana ngati afika pa nthawi yake, ngati akuloza malo enieni m'chidule, ndi ngati yankho lake likufuna kuganiza. Sabata yoyamba mudzalandira ambiri a "fotokozani zambiri za njira yanu". Musawakalipire. Sankhani awiri ofooka, muchotse maina, muwakonze pamodzi ndi kalasi pa bolodi kwa mphindi zisanu. "Zambiri za chiyani? Mu ndime iti?" Mukaona mafunso a anthu awiri akufanana mawu ndi mawu, dziwani kuti akoperana, ndipo n'chifukwa chake ndinati atumize kwa inu osati pagulu. Mukaona kuti onse atatu afunsa za tanthauzo la mawu okhaokha, kawirikawiri vuto si iwo, ndi chidule chimene chinalibe njira kapena manambala oti munthu agwirepo. Ulendo wina chidule chotere muzichibweza kwa mwini wake Lolemba lomwelo, musanachiike pagulu.

Pa tsikulo, imelo yanu ikhoza kuonongeka ndi inu nomwe ngati muyamba ndinu kufunsa. Mphunzitsi akafunsa koyamba, ophunzira amaona ngati funso lenileni latha, awo ndi a masewera. Itanani atatu aja ndi maina, inu mufunse pomaliza, ndipo mwina osafunsa n'komwe ngati afika kale pamene munkafuna. Funso likafunsidwa, dikirani. Mary Budd Rowe, katswiri wa ku America wa kaphunzitsidwe ka sayansi, anaonetsa mu 1972 kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo mayankho amakhala ataliatali ndi oganiza bwino. Iye ankafufuza m'makalasi a ana, koma ndaona zikugwiranso ntchito pa akuluakulu. Wophunzira wa chimanga uja akafunsidwa za chinyezi n'kukhala chete, musamuyankhire. Werengani mpaka zisanu chamumtima.

Pa nthawi, asanu a mphindi 16 aliyense ndi mphindi 80. Onjezani zosinthana pa kompyuta ndi zokonza mafunso pa bolodi zija, mukwana bwino m'phunziro la maola awiri. Ngati lanu ndi la ola limodzi, afotokoze atatu okha, ndipo pa kaundula paja muzidumpha atatuatatu m'malo mwa asanuasanu: wa nambala 1 afunsidwe ndi a 4, 7 ndi 10.