Yankho lachiwiri la 34x ≡ 60 (mod 98) limathawira kuti?

"Zikomo aphunzitsi. Pa homuweki anatipatsa 34x ≡ 60 (mod 98). Ndinafuna inivesi ya 34 koma sinapezeke, ndiye ndinagawa mbali zonse ndi 2, ndikupeza 17x ≡ 30 (mod 98), yankho nkukhala 94. Nditalowetsa mu funso likugwira bwinobwino, koma andipatsa theka la malikisi, ati mayankho ndi awiri. Linalo likuchokera kuti?"

Nambala 94 ndi yolondola, musaifufute. Linalo ndi 45, ndipo linakupulumukani pamene munagawa 34 ndi 60 koma 98 nkumusiya momwemo.

Chizindikiro cha ≡ anachiyambitsa Gauss mu 1801, ndipo chimafanana ndi = chifukwa chimalola zambiri zomwe = amalola. Mungathe kuwonkhetsa, kuchotsera kapena kuchulukitsa mbali zonse popanda vuto. Pa kugawa pokha ndiye pali msampha. Tikalemba 34x ≡ 60 (mod 98) tikutanthauza kuti 98 amalowa ndendende mu 34x − 60, popanda chotsala. Tsono 34x − 60 ndi 2(17x − 30), ndipo 98 ndi 2 × 49. Ma 2 awiriwo akachotsana, chofunika nchakuti 49 alowe mu 17x − 30, basi. Inu munaumiriza kuti 98 yense alowemo, lomwe ndi lamulo lolimba kuposa la funsolo, ndipo 45 anagwera pamenepo: 17 × 45 − 30 = 735, amene ndi 15 × 49, koma 98 salowamo.

Nchifukwa chake ine ndimati musanagwire china chilichonse, pezani kaye nambala yaikulu kwambiri yomwe imagawa 34 ndi 98 onse awiri, ija timalemba gcd(34, 98). Njira ya Euclid ndi kugawa mobwerezabwereza: wamkulu mumugawe ndi wamng'ono, kenako wamng'onoyo mumugawe ndi chotsala, mpaka chotsala chifike pa 0.

98 = 2 × 34 + 30
34 = 1 × 30 + 4
30 = 7 × 4 + 2
4 = 2 × 2 + 0

Chotsala chomaliza chisanafike 0 ndi 2, ndiye gcd(34, 98) = 2. Kanambala kameneka kakuuzani zinthu zitatu. Inivesi ya 34 kulibe, ndipo simunalakwitse poisowa: inivesi ikanakhala nambala y yoti 34y ≡ 1 (mod 98), koma 34y kuchotsapo ma 98 angati kaya, zotsala zimagawikabe ndi 2, sizingakhale 1. Kakuuzaninso ngati funso lili ndi yankho. 2 amalowa mu 60, choncho lilipo. Akanakupatsani 61, mukanangolemba kuti palibe yankho nkupita pa funso lina. Ndiponso kakuuzani kuchuluka kwa mayankho pakati pa 0 ndi 97, kuti ndi awiri. Lamulo lake ndi ili: ax ≡ b (mod n) ili ndi yankho pokhapokha ngati d = gcd(a, n) amagawa b, ndipo akamagawa, mayankho osiyana amakhala d.

Tsopano gawani onse atatu ndi 2, mupeza 17x ≡ 30 (mod 49). Apa inivesi ilipo, poti 17 ndi 49 alibe nambala yowagawa onse kupatula 1. Tiyendenso njira ija:

49 = 2 × 17 + 15
17 = 1 × 15 + 2
15 = 7 × 2 + 1

Mwina mwaona kuti manambala 2, 1 ndi 7 ndi omwe aja a poyamba. Mzere uliwonse wangogawidwa ndi 2, ndiye pa mayeso simufunika kugawanso kachiwiri ngati nthawi yathina.

Gawo lotsatirali ndi pomwe ophunzira ambiri amasokonezeka, ndiye tiyende pang'onopang'ono. Cholinga ndi kulemba 1 ngati ma 49 akutiakuti kuphatikiza ma 17 akutiakuti. Timayambira pa mzere wapansi nkumakwera. Mzere wachitatu ukuti 1 = 15 − 7 × 2. Mzere wachiwiri ukuti 2 = 17 − 15, ndiye pamalo pa 2 tiikepo zimenezo:

1 = 15 − 7 × (17 − 15) = 8 × 15 − 7 × 17

Taonani komwe 8 wachokera. Panali kale 15 mmodzi, ndipo −7 kuchulukitsa ndi −15 kwabweretsa ena 7 owonjezera. Ambiri amalemba 6 pamenepa poiwala kuti zochotsera ziwiri zikachulukitsana zimabala chowonkhetsa. Ena dzanja limawayabwa, amawerengeratu 8 × 15 nkulemba 120, ndiye 15 wasowa, alibenso pomulowetsera mzere wapamwamba. Zotsalazo muzizisunga ngati zilembo, osaziphwanya. Kuwerengako chitani pambali pongotsimikiza: 120 − 119 = 1, tili bwino.

Mzere woyamba ukuti 15 = 49 − 2 × 17. Tilowetse:

1 = 8 × (49 − 2 × 17) − 7 × 17 = 8 × 49 − 23 × 17

Kutsimikiza: 392 − 391 = 1. Mu modyulo 49, chigawo cha 8 × 49 chimangokhala 0, kutsala −23 × 17 ≡ 1. Choncho inivesi ya 17 ndi −23, chizindikiro chochotseracho chili pomwepo. Mukachitaya nkulemba 23, mupeza 17 × 23 = 391, amene chotsala chake ndi 48, kutanthauza −1. Mukadzaona inivesi yanu ikubala nambala yochepa ndi 1 pa modyulo, dziwani kuti mwataya chizindikiro. Mukafuna yopanda chochotsera, wonjezani 49: −23 + 49 = 26, ndipo 17 × 26 = 442 = 9 × 49 + 1.

Chatsala nkuchulukitsa mbali zonse ndi 26. Kumanzere kutsala x yekha, kumanja 30 × 26 = 780. Ma 49 okwana 15 ndi 735, ndiye x ≡ 45 (mod 49).

Koma funso linafunsidwa mu modyulo 98, ndipo nkomwe tiyenera kuyankhira. Manambala omwe amasiya 45 pogawidwa ndi 49 ndi 45, 94, 143 ndi ena otero. Mu modyulo 98, 143 ndi 45 yemweyo, koma 45 ndi 94 ndi osiyana. Nawo mayankho anu awiri aja. Alowetseni mu funso lenilenilo, osati lochepetsedwa: 34 × 45 = 1530 = 15 × 98 + 60, ndipo 34 × 94 = 3196 = 32 × 98 + 60. gcd ikanakhala 3 kapena 5, mukanapitiriza kuwonjeza n/d mpaka mayankho akwane atatu kapena asanu. Kulemba x ≡ 45 (mod 49) nkulekera pomwepo si bodza, poti mzerewo wanyamula onse awiri, koma ochonga ambiri amafuna kuwaona atalembedwa payekhapayekha, ndiye alembeni.

Wina anganene kuti pa 49 bwanji osangoyesa manambala mmodzimmodzi mpaka inivesi ipezeke. Zimatheka, koma mudzayesa maulendo 26 pamene Euclid watenga mizere itatu. Modyulo ikakula mpaka madijiti mazanamazana, monga zimakhalira mu RSA pobisa mauthenga, kuyesako sikungathe, pomwe mizere ya Euclid sipitirira kasanu kuchuluka kwa madijiti a nambala yaing'onoyo, monga anatsimikizira Lamé mu 1844.

Ngati muli ndi Python 3.8 kapena yatsopano kuposa pamenepo, mutha kudzichonga nokha mukamaliza kuwerenga pa pepala:

```
pow(17, -1, 49)
pow(34, -1, 98)
```

Mzere woyamba ukupatsani 26. Wachiwiri ukana ndi ValueError, pa chifukwa chomwe chija inivesi ya 34 inakukanikirani. Mukafuna kuyeserera, tengani 21x ≡ 15 (mod 57): gcd ndi 3, ndiye musaike cholembera pansi musanapeze mayankho atatu, otalikirana ndi 19.