Nsungwi, thabwa ndi chitsulo: samalani kuchindikala

"Aphunzitsi anzanga, ndili kuno ku Mchinji. Ndikufuna ana a Fomu 3 ayese kupinda nsungwi, thabwa ndi chitsulo kuti aone cholimba. Ndiyambire pati?"

Madamu, yambirani pa kuchindikala kwa zidutswazo, chonde. Ine zinandichititsa manyazi pa chionetsero cha sayansi kuno ku Kasungu, mpaka lero ndikakumbuka mtima umawawa.

Ndinapita kwa kalipentala, anandipalira bwinobwino kathabwa ka paini, mamilimita 25 m'lifupi, 10 kuchindikala. Kwa wowotcherera zitsulo ndinasiya miyeso yomweyo papepala, ndalama ndinalipiratu. Munthuyo anandizungulitsa sabata yathunthu, bwerani mawa, bwerani mawa, kenako madzulo oti mawa ndi chionetsero n'kundipatsa kachitsulo kaphanthiphanthi kotsala pa mawindo, kochindikala mamilimita 3 okha. Nditadandaula akuti, "Aphunzitsi, chitsulo ndi chitsulo." Nanga pepala ndinalemberanji? Ndinangotenga poti nthawi inali itatha.

Tinaika madesiki awiri motalikirana masentimita 60, chidutswa n'kugoneka pamwamba, ndowa n'kuikoloweka pakati penipeni ndi waya. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye tinkathira lita imodziimodzi, mwana wina akuwerenga pa rula. Pa malita 5 paini anatsika pafupifupi sentimita imodzi, chitsulo masentimita awiri, nsungwi kupitirira atatu. Mtsikana amene ankafotokoza, mwana wanzeru kwabasi, ananena zimene maso ake anaona: kuti paini ndi wolimba kuposa chitsulo. Bambo wina mwa oweruza anaseka mokweza pamaso pa ana a masukulu ena, n'kufunsa ngati kwathu milatho timamangira paini. Mwanayo pofuna kudziteteza anapitiriza kuthira madzi. Tisanafike malita 10 chitsulo chinagonja, chinapindika osabwereranso, chinaterereka pa desiki, ndowa khuthu, madzi m'makope onse. Mwana analira. Bambowo sanafunse n'komwe kuti zidutswazo n'zochindikala bwanji, anangolemba zawo n'kudutsa. Munthu wamkulu woti akanaphunzitsa ana pomwepo!

Chomwe chimandipweteka n'chakuti mwanayo sanawerenge molakwa. Pa miyeso yofanana, chitsulo chimakana kupindika pafupifupi ka 20 kuposa paini. Koma kuchindikala kumawerengedwa katatu:

```
δ = P × L³ / (4 × E × b × h³)
```

Apa δ ndi kutsika kwa pakati, P katundu, L mpata wa pakati pa madesiki, E kukana kupindika kwa chinthucho, b m'lifupi, h kuchindikala. Paini wathu anali 10 × 10 × 10, yomwe ndi 1,000. Chitsulo 3 × 3 × 3, yomwe ndi 27. Thabwa linali ndi mwayi wa ka 37, chitsulo mwayi wa ka 20 okha, ndiye thabwa likanalephera bwanji? Mpatanso ndi chimodzimodzi: desiki ikasuntha pang'ono, zotsatira zonse zasokonekera, choncho lembani ndi choko pansi pamene miyendo yaima.

Ana asiyanitsenso zinthu ziwiri. Kukana kupindika ndi kwina, kupirira mpaka kuthyoka ndi kwina. Mukathira lita, chotsaninso ndowa muone ngati chidutswa chabwerera pa mzere wake. Chitsulo chikapyola malire chimangokhala chopindika. Paini amayamba kulira, kenako amathyokera kunsi kumene ulusi wake ukukokedwa, makamaka ngati pali mfundo. Nsungwi imawerama kwambiri, n'kuyamba kung'aluka m'litali, siduka msanga. Mapazi a ana asakhale pansi pa ndowa, ndipo ikani thumba la mchenga pansipo.

Ndiye fananitsani kuchindikala. Komabe kunena zoona, pa nsungwi musalimbane nazo kwambiri. Mphamvu yake yambiri ili chakukhungu, kumene ulusi uli wothithikana, m'kati ndi mofewa. Mukaipala mbali zonse kuti ifanane ndi thabwa mwachotsa chomwe mumafuna kuyesa. Palani m'kati mokha, tengani youma, yokhwima ndi yosafumbwa, ndipo zidutswa zonse khungu liyang'ane mbali imodzi, mfundo isakhale pamene pali waya. Chitsulonso cha mamilimita 10 pa malita 5 sichitsika ngakhale milimita imodzi, rula siionetsa kanthu. Bola mutenge chopyapyala chomwecho, muyeze kuchindikala kwa chilichonse pamalo atatu, ana awerengetsere E okha. Kwa owotcherera pitani nokha ndi rula m'manja, musatume mwana.